IDW kapena krigingi: zoyezera mvula zikakhala zochepa

Choyezera mvula chimangotiuza za pamalo pamene chili. Kuti tijambule mapu a mvula ya dera lonse, tiyenera kudzaza mipata ya pakati.

Njira ya IDW, yomwe imalemeretsa zoyezera zapafupi kuposa zakutali, imadalira mtunda basi, ndipo kulemera kwa choyezera chilichonse ndi `1/d²`, pomwe `d` ndi mtunda wochokera pa choyezeracho kufika pamalo amene tikuwerengera mvula. Tiyerekeze kuti mudzi uli makilomita 10 kuchokera pa choyezera chomwe chalemba mamilimita 80, komanso makilomita 20 kuchokera pa china chomwe chalemba 30. Chapafupicho chilemera kanayi kuposa chinzake, choncho `(4×80+30)/5` itipatsa mamilimita 70. Vuto lake limaonekera pamapu: timabwalo tozungulira choyezera chilichonse ngati maso a ng'ombe.

Krigingi imayamba yafufuza mmene mvula imasiyanirana mtunda ukamakula, kudzera mu variyogiramu, chithunzi cha madontho oonetsa kusiyana kwa mvula ya zoyezera ziwiriziwiri molingana ndi mtunda wa pakati pawo, ndipo imaonetsanso madera amene zotsatira zake n'zokayikitsa. Ubwino umenewo ndi waukulu, koma umafuna zoyezera zambiri. Zoyezera 12 zimapanga mapeyala 66 okha, ndipo mukawagawa m'magulu a mitunda, madontho a variyogiramu amangoti balala. Mzere womwe mungadutsitsemo ndi wongoganizira.

Pa zoyezera zochepa chotere ine ndimasankha IDW, kenaka n'kuiyesa: chotsani choyezera chimodzi, werengerani mvula yake pogwiritsa ntchito zotsalazo, muone kuphonya kwake, mubwereze pa chilichonse.

Samalani kumapiri. Kum'mwera kwa phiri la Mulanje kumagwa mvula yambiri kuposa ku Phalombe, koma njira zonsezi, zikangodalira mtunda, phirilo sizilidziwa. Pamenepo ndi bwino kulowetsa kutalika kwa malo m'chiwerengero.