Rula, WebPlotDigitizer kapena kukopera manambala: kusandutsa tchati cha mizati kukhala tebulo

Tiyerekeze kuti mwajambula ndi foni tsamba la lipoti lomwe lili ndi tchati cha mizati inayi, chosonyeza mabuku amene laibulale ina inabwereketsa kuyambira 2020 mpaka 2023, ndipo mukufuna tebulo laling'ono ndi chiganizo chimodzi chonena mfundo yake. Njira zochitira zimenezi zilipo zitatu, ndipo chimene chimazisiyanitsa kwenikweni ndi mmene iliyonse imawerengera sikelo ya m'mbali mwa tchaticho.

Njira yachidule ndi kukopera manambala pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yozindikira malemba pachithunzi. Imathandiza pokhapokha ngati wolemba lipoti anasindikiza nambala pamwamba pa mzati uliwonse, chifukwa pulogalamu yotereyi imawerenga zolembedwa basi, siyeza kutalika kwa mzati. Ngakhale manambalawo alipo, imatha kusokoneza 1 ndi 7 pamene chithunzi chili chosaoneka bwino, kapenanso kusakaniza manambala a pasikelo ndi a pamizati. Pa mizati inayi yokha, kulemba ndi dzanja kumafulumira kuposa kukonza zolakwika zake.

Tchati chathu chilibe manambala pamizati, choncho tiyenera kuyeza. Pa njira ya rula, musindikize chithunzicho kapena muchikuze pakompyuta, ndipo musasinthenso kukula kwake mpaka mutamaliza. Sikelo ikuyambira pa 200 pansi n'kukathera pa 600, ndipo mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi mamilimita 80, kutanthauza kuti milimita imodzi ikuimira mabuku 5. Mizati yapezeka kuti ndi yotalika mamilimita 22, 30, 44 ndi 60. Nambala iliyonse muichulukitse ndi 5, kenako muwonjezere 200 amene sikelo yayambira:

| Chaka | Mabuku obwerekedwa |
|---|---|
| 2020 | 310 |
| 2021 | 350 |
| 2022 | 420 |
| 2023 | 500 |

Anthu ambiri amapunthwa pa 200 ameneyu. Munthu woyang'ana ndi maso angaganize kuti kubwereketsa kunakwera pafupifupi katatu, popeza mzati wa 2023 ukutalika pafupifupi katatu kuposa wa 2020, pamene zoona zake n'zakuti 500 sakufika n'komwe pa 310 kuwirikiza kawiri. Ubwino wa rula ndi wakuti imakukakamizani kuyang'anitsitsa sikelo musanalembe kanthu. Kuipa kwake n'kwakuti kuphonya ndi theka la milimita kumasuntha yankho ndi mabuku awiri kapena atatu, ndiponso mizati ikachuluka ntchitoyo imatopetsa.

WebPlotDigitizer, pulogalamu ya pakompyuta yotulutsa manambala m'zithunzi za matchati, imachita masamu omwewa, koma imawerenga timadontho ta chithunzi m'malo mwa mamilimita. Mukalowetsa chithunzi mumasankha mtundu wa tchati cha mizati, mumadina malo awiri odziwika pasikelo n'kulemba manambala ake, kenako mumadina nsonga ya mzati uliwonse ndi kutulutsa zotsatira ngati fayilo ya CSV, yomwe imatseguka ngati tebulo pakompyuta. Ndi bwino kusankha malo awiri otalikirana, monga 200 ndi 600, chifukwa mukasankha oyandikana, kaphonyedwe kakang'ono kamakula pa mizati yaitali. Chimene sindikondwera nacho n'chakuti pulogalamuyi imapereka manambala ngati 311.847, omwe amaoneka olondola kwambiri kuposa mmene chithunzi cha foni chingalolere. Nambala yoteroyo ilembedwe 310, ndipo pansi pa tebulo pakhale mawu onena kuti manambalawo ndi oyerekeza kuchokera pa tchati.

Pali vuto lina limene rula ndi WebPlotDigitizer zonse sizilithetsa pazokha, lomwe ndi chithunzi chojambulidwa foni itapendekeka kapena tsamba litapindika pafupi ndi msana wa lipoti. Pamenepo mbali imene inali pafupi ndi kamera imaoneka yaikulu. Kuti mudziwe ngati zili choncho, yezani mpata wa 200 mpaka 300 ndi wa 500 mpaka 600: yonse iwiri iyenera kukhala mamilimita 20. Mukapeza 22 ndi 18, jambulaninso foni itayang'ana tsamba molunjika, ndipo ngati lipotilo mulibenso, yezani nsonga ya mzati uliwonse pakati pa mizere iwiri ya sikelo yoyandikana nayo, osati kuchokera pansi.

Kwa ine, rula ndi yokwanira pa tchati chaching'ono ngati ichi, ndipo WebPlotDigitizer ndimaisungira matchati a mizati yambiri kapena yosanjikizana. Chiganizo cha mfundo chichokere m'tebulo, osati m'maonekedwe a mizati, ndipo chisatchule chifukwa chimene tchaticho sichinasonyeze: "Mabuku obwerekedwa ankakwera chaka chilichonse, kuchoka pa 310 mu 2020 kufika pa 500 mu 2023, komwe ndi kukwera kwa pafupifupi 60 peresenti."