Fulashi ya Breaking Bad yomwe ndinaikitsa ku Luchenza: nyenyezi 4 pa 5

Mwezi wa Juni, chiperoni chitatipanikiza m'nyumba, ndinatenga fulashi yanga kupita nayo pa kashopu kena koika mafilimu pa Luchenza kuti andiikiremo Breaking Bad yonse. Ndi masizoni 5, magawo 62, ndipo inkaulutsidwa ku Amereka kuyambira 2008 mpaka 2013. Tinaimaliza ndi mayi a kunyumba sabata yathayi. Amene simunaonere, dziwani kuti ndiulula mathero ake, chifukwa vuto lomwe ndinapeza pa fulashiyi silingamveke popanda kutero.

Zithunzi n'zowala bwino, mawu akumveka, ndipo mawu olembedwa m'munsi akuyendera limodzi ndi pakamwa pa olankhula. Mtengo sindikudandaula nawo. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha foda ya sizoni 5. Gawo 8 munalibemo. M'malo mwake munali gawo 7 kawiri, lina atangolisintha dzina, ndipo mphindi zoyambirira za gawo 9 zinali zodulidwa. Titaona gawo lobwerezalo tinangoti tipitirire, poganiza kuti gawo limodzi si kanthu. Apo m'pamene tinalakwitsa.

M'gawo lomaliza, Walter White, mwini nkhani wa filimuyi amene amapanga mankhwala ozunguza bongo, akuyankha foni ya Todd, yemwe ankamuthandiza pa ntchitoyo, amene wangophedwa kumene. Woimbayo ndi Lydia, mayi amene ankagulitsa mankhwalawo kunja, ali gone pabedi, thupi lili lefu. Walter akumufunsa ngati akumva ngati wagwidwa ndi chimfine, kenako akumuuza kuti ndi poizoni wa risini amene anamuikira mu kapaketi ka Stevia, zotsekemeretsa zomwe mayiyu amathira mu tiyi m'malo mwa shuga. Mayi a kunyumba anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Bambo a Chisomo, poizoniyu wamutenga kuti? Nanga mayiyu anamulakwira chiyani choti mpaka amuphe chonchi?" Ine yankho lokwanira ndinalibe, ndipo mathero anaoneka ngati ongogwa kumwamba.

Mawa lake ndinabwerera ku shopu. Mnyamata wa pamenepo sanachite makani. Anapepesa, n'kundiikira mafayilo awiriwo mwaulere, ndipo pa ichi ndikumuyamika. Titaonera zomwe zinasowazo, tinazindikira kuti poizoniyu anali akuyenda nafe kuyambira kalekale.

Amayamba kuoneka mu sizoni 2, gawo 1. Walter, amene anali mphunzitsi wa kemisitire, akupanga risini kuchokera ku njere za nsatsi, zomwezi zomera m'mabwinja kwathu kuno, kuti aphere Tuco, chigawenga chomwe chinkamugula mankhwala. M'gawo lotsatira amuthira m'chakudya, koma amalume ake a Tuco, nkhalamba ya pa njinga ya olumala yolankhula ndi kabelu, aona zonse ndipo chakudyacho sichidyedwa. Mu sizoni 4 poizoni wina abisidwa mu ndudu kuti Jesse, mnzake wa Walter pa ntchitoyi, aphere bwana wawo Gus Fring, koma Jesse mtima ukumukaniza. Brock, mwana wa chibwenzi cha Jesse, atadwala, tonse tinati basi, risini wagwira ntchito, koma kumapeto kwa sizoniyo timaona kuti linali duwa la pakhomo pa Walter. Choncho pofika sizoni 5, woonera amakhala akudziwa kale kuti poizoniyu sapha pomwepo, amayamba ngati chimfine ndipo amatenga masiku. Amakhalanso ataona kuti nthawi zonse walephera kupha munthu. Mtima umakhala ukudikira tsiku lomwe adzagwire.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi gawo 2 la sizoni 5. M'gawo limodzi lomwelo, Walter akumasula soketi ya pakhoma kuchipinda kwake n'kubisa kabotolo ka poizoni kuseri kwake, ndipo ndi momwemonso timamuona Lydia koyamba. Akulowa m'lesitilanti atavala magalasi akuda, mantha ali thoo, n'kuitanitsa tiyi wa maluwa a kamomayilo ndi mkaka wa soya, akutchulanso Stevia wake. Woperekera zakudya akumuuza kuti zoterozo alibe. Ife a kuno ku Thyolo, amene tinakulira pakati pa minda ya tiyi ndipo timamwa wamasamba wothira shuga masipuni awiri, tinaona ngati ndi matama chabe a mayi wa m'tauni. Sitinadziwe kuti atisonyeza poizoni ndi khomo lomwe adzalowere mu ola limodzi lomwelo.

Gawo 8, lomwe linasowa lija, ndilo limalumikiza ziwirizi. Walter akukumana ndi Lydia pamalo omwera tiyi kuti mayiyo amupatse maina a anthu a Mike, yemwe anali wachitetezo wa Gus, amene ali kundende ndipo akhoza kuulula zinsinsi. Lydia akuona kuti akangopereka mainawo ntchito yake yatha, choncho akubweretsa nkhani ya msika wa mankhwalawo ku Czech Republic. Walter avomera. Mayiyo atanyamuka, Walter akunyamula chipewa chake patebulo, ndipo pansi pake pali kabotolo kaja. Anabwera kudzamupha tsiku lomwelo, koma ndalama zinamupulumutsa. Popanda kachithunzi ka masekondi ochepaka, zomwe zikuchitika m'gawo 16 zilibe muzu. Mphindi zodulidwa za gawo 9 nazo zimatidumphitsa kutsogolo: Walter wa ndevu ndi tsitsi akulowa m'nyumba yake itasanduka bwinja, pakhoma patalembedwa Heisenberg, dzina lake lobisalira, n'kumasula soketi ija kutenga kabotoloko. Funso lotsala limakhala lakuti akutengera ndani, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti akufuna kumwa yekha, pakuti khansa inali itabwerera.

M'gawo lomaliza lenilenilo sabisanso kwambiri. Walter akuwapeza Lydia ndi Todd pamalo aja, n'kunena kuti wadziwa kowapeza chifukwa Lydia sasintha, Lachiwiri lililonse 10 koloko m'mawa amakhala pomwepo. Walter atachoka, kamera ikutsikira pa kapu n'kukhalitsa pa ufa woyera ukusungunuka mu tiyi. Wotchera maso amadziwiratu pamenepo, ndipo foni ija imangotsimikiza. Kwa ine uku si kufooka. Lydia wafa ndi chizolowezi chake chomwe, chimene tachiona mobwerezabwereza mpaka kusiya kuchilabadira.

Za mfuti ya M60, yomwe Walter akuphera adani ake m'gawo lomaliza, sindikukhutira nazo chimodzimodzi. Imaoneka koyambirira kwa sizoni 5, tsiku lomwe Walter akukwanitsa zaka 52, ili mu buti ya galimoto yomwe wagula. Vince Gilligan, amene anayambitsa filimuyi, anavomera poyera kuti poiika mfutiyo anali asanadziwe amene idzawombere, ndipo zikuonekera. Chipangizo choizunguza timachiona akuchilumikiza m'chipululu m'gawo lomaliza lomwelo, ndipo kuti chigwire pafunika mwayi wambiri: amulole kuimika galimoto pomwe akufuna, asasegule buti, adani onse akhale m'chipinda chimodzi. Zimasangalatsa kuonera, koma ulusi wake ndi waufupi poyerekeza ndi wa poizoni.

Kwa amene mukufuna kukaikitsa, musachoke pa shopu musanawerenge mafayilo. Sizoni 1 ikhale ndi magawo 7, masizoni 2, 3 ndi 4 akhale ndi 13 iliyonse, sizoni 5 ikhale ndi 16. Mafayilo awiri akafanana ndendende kukula kwake, ndiye kuti limodzi ndi lobwereza. Magawo ambiri amatenga mphindi pafupifupi 47, ndipo fayilo ikayambira pa utsi wobiriwira wa dzina la filimu popanda kachigawo kena patsogolo, aidula. Onaninso manambala: TV yathu imaika gawo 10 patsogolo pa gawo 2 ngati sanalembe 01, 02, 03. Mnyamata uja ndinamuonetsa zimenezi ndipo anakonza foda yake ine ndili pomwepo. Pa shopuyo ndidzapitanso, ndipo fulashiyi pano ili kwa alamu anga ku Chitakale, amene afika pa sizoni 2.