Ndemanga pa pulogalamu yopanga mawu ndi nkhope yolankhula: nyenyezi zitatu mwa zisanu

Ndimagula mbatatesi kwa alimi a ku Bembeke kuno ku Dedza n'kumakaigulitsa m'malesitilanti a ku Lilongwe, ndipo kwa miyezi iwiri ndakhala ndikulipira pulogalamu ya pa intaneti ya luntha lochita kupanga, yomwe imasandutsa zolemba kukhala mawu olankhulidwa, n'kuwaphatikiza ndi nkhope ya munthu wopangidwa pakompyuta. Cholinga changa chinali kupanga kavidiyo ka masekondi 30 kotsatsa malonda, koti ndizitumiza pa WhatsApp kwa eni malo odyera. Ndikuipatsa nyenyezi zitatu chifukwa ntchitoyo inatheka ndithu, koma inatheka nditawononga ndalama pophunzira zinthu zimene eni pulogalamuyo akanayenera kuzifotokoza pachiyambi pomwe.

Chichewa ndinachisiya tsiku loyamba. Chilankhulo chathu chimadalira kukwera ndi kutsika kwa liwu, moti mtengo wa katundu ndi mtengo wa m'nkhalango zimalembedwa mofanana koma sizimveka mofanana, ndiponso timakoka pang'ono liwu tikafika pa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto. Pulogalamuyi siidziwa zimenezi, ndipo inawerenga chiganizo changa ngati mlendo amene waloweza moni m'ndege. Popeza ambiri mwa ogula anga amamva Chingerezi, uthengawo ndinaulemba m'Chingerezi.

Pulogalamuyi ili ndi mabokosi awiri, lina la mawu oti alankhulidwe ndi lina la malangizo a kalankhulidwe, ndipo kulakwitsa kwanga kwakukulu kunali m'bokosi lachiwirili. Poyamba ndinangolembamo kuti liwulo likhale lachikondi, lansangala ndiponso laukatswiri. Chimene chinatuluka chinali liwu la munthu wosangalala mopitirira muyezo, lokwera kumapeto kwa chiganizo chilichonse, ngati la wolengeza mpikisano wopatsa mphoto. Mlamu wanga atamva anandifunsa ngati ndikugulitsa mbatatesi kapena ndikuitanira anthu ku msonkhano wa ndale. Pambuyo pake ndinazindikira chifukwa chake: mawu ngati akuti "lansangala" ndi otambalala kwambiri, ndipo pulogalamu ikawalandira imasankha kalankhulidwe kamene kamapezeka kwambiri m'zotsatsa malonda, komwe ndi kofuula komanso kothamanga.

Zinasintha nditasiya kutchula makhalidwe a liwu n'kuyamba kufotokoza chochitika chenicheni, kunena kuti wolankhulayo ndani, akulankhula ndi yani, ndipo atalikirana bwanji. Malangizo amene ndikugwiritsa ntchito tsopano ndi awa:

```
A supplier talking to one chef she has known for years,
standing close, in a quiet kitchen. Unhurried, low voice.
Let each sentence fall at the end. Not an announcer.
```

Tanthauzo lake ndi lakuti wolankhulayo ndi mayi wobweretsa katundu, akucheza ndi wophika mmodzi yemwe anadziwana naye kalekale, aima moyandikana m'khitchini mopanda phokoso, ndipo alibe chomuthamangitsa. Mfundo yakuti womvera ndi mmodzi ndi imene inathandiza koposa, pakuti liwu linatsika lokha ndipo linasiya kulengeza. Kuuza pulogalamuyo kuti chiganizo chizitsika kumapeto kunachotsa kamvekedwe kaja kokhala ngati chilichonse ndi funso.

Komabe malangizo abwino sangapulumutse zolemba zolembedwera maso. Uthenga wanga woyamba unali ndi mawu 110, pomwe munthu wolankhula Chingerezi mosathamanga amanena mawu pafupifupi 150 pa mphindi, kutanthauza kuti m'masekondi 30 mumakwana mawu osapitirira 75. Kuti onse alowe ndinakweza liwiro, ndipo kukoma konse kwa liwu kunathera pomwepo. Ndinaudula mpaka mawu 62, ndinachotsa mawu oyamba aja otchula dzina la bizinesi ndi chaka chimene inayamba, ndipo ndinayamba ndi chimene wophika amachifuna, chomwe ndi nthawi yofika katundu. Chiganizo chilichonse ndinkachiwerenga mokweza ndisanachiike m'bokosi, ndipo chimene chinkandithera mpweya ndisanafike kumapeto ndinkachigawa pawiri.

Pulogalamuyi imalandira zina mwa zizindikiro za `SSML`, zomwe zimauza makina pamene ayenera kupuma ndi mmene ayenera kutchulira dzina. Chiyambi cha uthenga wanga chinakhala chotere:

```
They leave <sub alias="Bem-beh-keh">Bembeke</sub> before sunrise.
<break time="500ms"/> By nine, they're at your kitchen door.
```

Popanda chizindikiro choyambacho, dzina la Bembeke linkamveka ngati "Bembiki" wodulidwa kumapeto, pomwe la Lilongwe linkatchulidwa bwino popanda thandizo. Kupuma kwa theka la sekondi kumapatsa womvera mpata woti aone m'maganizo galimoto ikunyamuka m'bandakucha asanamve lonjezo. Nditaona kuti zikuthandiza ndinachita changu n'kuika kupuma pambuyo pa chiganizo chilichonse, ndipo liwulo linayamba kumveka lodukizadukiza ngati la munthu wowerenga kalata ya wina. Ndinasiya malo awiri okha, ena onse akudalira mpumiro ndi mpatuliro wamba. Mtengo wa thumba nawo ndinaulemba m'mawu athunthu, chifukwa nditaulemba m'manambala pulogalamuyo inatchula chilembo `K` pachokha kenaka n'kuwerenga nambala ngati ya foni.

Apa ndiye pali dandaulo langa lalikulu. Malipiro amawerengedwa pa nthawi iliyonse imene mwalamula pulogalamu kuti ipange mawu, kaya zotulukazo mwazikonda kaya ayi, ndipo zolemba zomwezo ndi malangizo omwewo sizitulutsa kalankhulidwe kofanana kawiri. Mukafuna kukonza liwu limodzi lokha, mumapezeka kuti chiganizo china chomwe chinali bwino chasintha. Ndinaphunzira kupanga chiganizo chimodzichimodzi, kusunga chimene chakoma, kenaka n'kuzilumikiza, koma pofika pamenepo n'kuti gawo lalikulu la zimene ndinalipira mwezi woyamba litatha. Tsiku lina ndinalembanso malangizo m'bokosi lolakwika, ndipo liwu lija linawawerenga mokweza monga mbali ya uthenga, n'kundidulanso ndalama.

Za nkhope yolankhula sindinena zambiri chifukwa sinandikhutiritse. Milomo yake imatsatira mawu amene apangidwa kale, choncho ndi bwino kumaliza kukonza liwu musanaikhudze, apo ayi mulipira vidiyo kawiri. Nditaiuza kuti izimwetulira, inamwetulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale potchula mtengo, ndipo maso ake sankasuntha mogwirizana ndi zimene ikunena. Zinakhalako bwino nditalamula kuti nkhope ikhale yodekha, manja asamayendeyende, ndipo kumwetulira kubwere pa moni ndi potsanzika pokha. Ngakhale zinatero, wophika wina amene ndimamugulitsa katundu anandiyankha kuti, "Mayi, liwu lija lili bwino, koma munthu uja si wa ku Dedza." Sananame, pakuti pa nkhope zonse zimene pulogalamuyo imapereka panalibe ndi imodzi yomwe yooneka ngati inapondapo m'munda wa mbatatesi.

Mwezi uno ndalipira gawo la mawu lokha. Nkhope ija ndaichotsa, ndipo m'malo mwake ndaika zithunzi zimene ndinajambula ndi foni yanga, za matumba akukwezedwa m'galimoto pamsewu wa M1 m'mawa wa chifunga, liwu lija likulankhula pansi pake kwa masekondi 28.