Ndemanga ya DaVinci Resolve yaulere: mmene ndinalumikizira misozi ya kumanda ndi magule a pakhomo

Ndagwiritsa ntchito DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera mavidiyo, kwa miyezi inayi, ndipo ntchito imene inandiphunzitsa zambiri ndi vidiyo ya mwambo wovundukula chiliza cha agogo athu aakazi kumudzi kwathu ku Dedza. Abale athu ena ali ku Joni, ena ku Mangalande, ndiye sanathe kubwera. Anandipempha kuti ndiwakonzere vidiyo yoti akaonera amve ngati analipo. Ndinajambula ndi kamera imodzi pa mafulemu 25 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 25 zotsatizana pa sekondi iliyonse, ndipo vidiyo yomaliza inatalika mphindi 18. Pulogalamuyi ndi ya kampani ya ku Australia yotchedwa Blackmagic Design. Ine ndinatenga yaulere, ndipo palibe chimene ndinasowa pa nkhani yolumikiza zithunzi.

Aliyense amene anakhalapo pa mwambo wa chiliza akudziwa kuti tsikulo limakhala ndi nkhope ziwiri. Mmamawa kumanda kumakhala zii, abusa akupemphera, ena akulira mwakachetechete. Dzuwa likafika paliwombo pakhomo pamakhala nsima, thobwa, kuseka ndi kuvina. Kwa munthu amene analipo, kusinthako kunatenga maola, anayenda wapansi kuchokera kumanda, anasamba m'manja, mtima unakhazikika. Woonera vidiyo alibe maola amenewo. Ali ndi sekondi imodzi kapena ziwiri zimene wokonza vidiyo wamupatsa, ndipo zimenezo ndi zimene ndinalimbana nazo.

Poyamba ndinachita zimene ambiri timachita. Ndinasankha malo onse olumikizira n'kudina `Ctrl+T`, ndipo pulogalamu inaika `Cross Dissolve` ya sekondi imodzi paliponse. Disolovu imagwira ntchito chonchi: chithunzi choyamba chimazimiririka pamene chachiwiri chikutuluka pamwamba pake, ndipo pakatikati zonse ziwiri zimaoneka nthawi imodzi, chilichonse theka. Ndinkaganiza kuti kufewa kumeneku n'koyenera mwambo waulemu. Koma nditaonetsa azakhali anga, anandiimitsa pamalo amodzi n'kunena kuti, "Bwezera pamenepo, mwanawe. Bwanji akusekera pamanda?" Nditayendetsa fulemu imodziimodzi ndinaona zimene maso awo anagwira. Nkhope ya amayi anga ikulira pambali pa chiliza inasakanikirana ndi nkhope ya msuweni wanga akuseka atanyamula chikho cha thobwa. Kwa mafulemu owerengeka chabe, mano a wosekayo anali pa tsaya la wolirayo.

Vutolo linali la kasankhidwe kanga. Disolovu imauza woonera kuti zithunzi ziwirizi n'zapachibale, kuti china chikubadwa kuchokera mwa chinzake. Chisoni ndi chisangalalo zikakumana mwa njira imeneyo, maso amawerenga ngati kunyoza. Chimene ndimayamikira DaVinci Resolve n'chakuti kuona vuto lotere n'kosavuta. Mumaika cholozera pakati penipeni pa disolovuyo n'kuyang'ana fulemu imeneyo ngati chithunzi chongoima. Ngati simungakonde kuchipachika pakhoma, disolovu imeneyo ichoke. Kuyambira tsikulo ndimayesa disolovu iliyonse choncho.

Pamalo ovutawo ndinagwiritsa ntchito `Dip to Color Dissolve`, mtundu wake ndinasankha wakuda mu `Inspector`. Imeneyi siisakaniza zithunzi. Choyamba chimalowa mumdima, kenako chachiwiri chimatuluka mumdimamo, ndiye nkhope ziwiri zija sizikumananso. Ndinayamba ndi mafulemu 25 koma zinaoneka ngati munthu waphethira. Nditafika pa mafulemu 60 m'pamene zinakhala ngati kupuma kwa munthu amene wamaliza kulira. Ndinasinthanso zithunzi za mbali zonse ziwiri. Kumanda ndinamaliza ndi chiliza chokha chili ndi maluwa, anthu atachoka, ndipo pakhomo ndinayamba ndi utsi wa pamafuwa ndi manja a amayi akuomola nsima. Nkhope zoseka zinabwera pambuyo, woonera atalowa kale m'bwalo.

Koma chimene chinamaliza ntchitoyo ndi mawu. Ndinazimitsa `Linked Selection` kuti ndithe kukoka mawu paokha osasuntha chithunzi, kenako ndinakoka mawu a pakhomo kuti ayambe masekondi awiri chithunzi chake chisanatuluke. Ndiye mdima usanathe, khutu limayamba kumva patali mbale zikugundana ndi ana akuthamanga. Pamalo pamene mawu a kumanda ndi a pakhomo amakumana ndinadina `Shift+T`, imene imaika cholumikizira pa mawu pokha, ndipo ndinasankha `Cross Fade +3 dB` chifukwa ndi imene siigwetsa mphamvu ya mawu pakati pamene maphokoso awiri osiyana akusinthana. Khutu likayamba kuzolowera, diso silidabwa. Azakhali ataonanso anangoti, "Eya, tsopano tabwerera kumudzi."

Kudula kwachindunji, kopanda cholumikizira chilichonse, ndinkakuopa pa vidiyo ya mwambo ngati uwu. Ndinkaona ngati n'kwamwano. Ndinasintha maganizo pa malo awiri. Oyamba ndi pamene amalume anachotsa nsalu pa chiliza. Ndinali nditaika disolovu kuchoka pa dzina la agogo lolembedwa pamwala kupita pa nkhope ya amayi anga, ndipo zinkaoneka ngati amayi analira patapita nthawi. Disolovu imatanthauzanso kuti nthawi yadutsa, pamene apa sipanadutse nthawi ayi. Nditadula mwachindunji, nsalu ikungogwa nkhope yawo n'kutulukira, misoziyo inakhala yankho la zimene aona.

Malo achiwiri ndi amene ndimawakonda kuposa onse. Madzulo amayi akuvina chimtali, fumbi lili koboo, ndinatembenuza kamera n'kupeza mchemwali wawo wa agogo atakhala okha pakhonde, atagwira mpango wa malemuwo pamiyendo. Pa vidiyo ndinachoka pa gule kupita pa iwo ndi kudula kwachindunji, ng'oma ndinaisiya ikulirabe koma ndinaitsitsa kuti imveke ngati ili patali. Ndinayesapo mdima uja pamalo amenewa, koma unawachotsa gogoyo pa tsikulo, anakhala ngati ali m'nkhani ina. Kudula kunawasiya pomwepo, mamita ochepa kuchokera pa ovinawo, ali ndi chisoni chawo. Kuchoka pa chisoni kupita ku chisangalalo woonera amafuna kupuma, koma kuchoka pa chisangalalo kupita ku chisoni ndinapeza kuti kudzidzimutsako n'koona, chifukwa ndi mmene chisoni chimatipezera pakati pa anthu. Langizo langa pa kudula kotere ndi lakuti zithunzi ziwirizo zisiyane bwino kukula, china chapatali china chapafupi. Zikafanana, diso limaona ngati vidiyo yalumpha.

Za waipu ndilibe zambiri. Pulogalamuyi ili ndi mitundu ingapo, monga `Edge Wipe`, `Clock Wipe` ndi `Center Wipe`, pamene mzere umadutsa pa sikirini n'kufufuta chithunzi chakale, chatsopano chikutulukira kumbuyo kwake. Mzerewo umaonekeratu, ndiye woonera amakumbukira kuti pali munthu amene wakonza vidiyoyi. Kumanda sindinafune kuti aliyense akumbukire za ine. Ndinaigwiritsa ntchito kamodzi kokha koyambirira, kuchoka pa anthu akukweza katundu m'galimoto ku Lilongwe kupita pa galimotoyo ikukhota kuchoka mu msewu wa M1. Inali `Edge Wipe` ya mafulemu 15, yolowera mbali imene galimoto inkapita, ndipo ndinayatsa `Feather` kuti mzere usakhale wakuthwa. Pamenepo mitima inali yopepuka mbali zonse ziwiri, chimene chinkasintha ndi malo basi.

Disolovu sindinaitaye. Pa zithunzi zakale za agogo, kuyambira ali mtsikana mpaka atakalamba, ndi imene inagwira bwino ntchito, ya mafulemu 50, chifukwa pamenepo nkhope imodzi ikulowadi mwa inzake ndipo zaka zikudutsadi. Ndinkangoonetsetsa kuti maso a pa chithunzi chilichonse ali pamalo ofanana pa sikirini.

Pali chinthu chimodzi chimene ongoyamba kumene ayenera kudziwa. Disolovu imabwereka mafulemu obisika, amene munawadula, kumapeto kwa kilipi yoyamba ndi kumayambiriro kwa yachiwiri. Disolovu ya mafulemu 50 yoikidwa pakati pa malo odula imafuna mafulemu 25 otsala mbali iliyonse. Ngati palibe, pulogalamu imakuuzani ndipo imakupatsani mwayi wosankha `Trim Clips` kapena `Skip Clips`. Mukasankha yoyambayo makilipi amafupikitsidwa, ndiye onaninso ngati nyimbo ikugwirizanabe ndi zithunzi. Ndipo ngakhale mafulemuwo alipo, muwaone kaye. Pa kilipi ina ya pemphero, mafulemu obisikawo anali a kamera ikugwedezeka pamene ndinkaitsitsa, ndipo kugwedezekako kunatulukira mkati mwa disolovu ngakhale ndinali nditakudula. Panopa ndikamajambula ndimayamba masekondi atatu zinthu zisanayambe, n'kudikiranso masekondi atatu zitatha.

Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8 GB, pamene eni pulogalamuyi amalangiza 16 GB pa Windows, ndiye ndinadziwa kuti ndikuisenzetsa katundu wolemera. Pofika pa disolovu, pamene makina amawerenga makilipi awiri nthawi imodzi, chithunzi chinkakakamira, ndipo simungaweruze kutalika kwa disolovu imene ikuyenda modukiza. Chinandithandiza ndi `Playback > Render Cache > Smart`. Mumadikira pang'ono mzere wofiira pamwamba pa taimulaini usanduke wabuluu, kenako zimayenda bwino. Chinanso, musanatumize kwa abale, dzitumizireni nokha kachidutswa pa WhatsApp n'kuonera pa foni. Vidiyo ikapanikizidwa kuti ichepe, malo a disolovu ndi olowera mumdima ndi amene amayamba kuonetsa timabokosi, chifukwa chithunzi chonse chikusintha pa fulemu iliyonse. Ine ndinaona zimenezi pa mdima uja wa mafulemu 60, ndiye vidiyo yonse ndinaitumiza ngati `Document` kuti ifike mmene ndinaitulutsira.

Ndaipatsa nyenyezi zisanu mwa zisanu pa ntchito imeneyi. Ikuyenera amene amajambula maukwati, zinkhoswe, maliro ndi ziliza, ndipo ali ndi kompyuta yamphamvuko komanso mtima wodekha woyendetsa fulemu imodziimodzi. Amene akufuna kungolumikiza timavidiyo tiwiri pa foni mwachangu, imeneyi ingawakulire. Pa vidiyo ya agogo, malo olumikizira pafupifupi onse anathera pa kudula kwachindunji, disolovu inatsala pa zithunzi zakale zokha, mdima kawiri, waipu kamodzi. Mdima wachiwiriwo uli kumapeto, pamene gogo uja akupinda mpango n'kulowa m'nyumba.