Africa/Blantyre kapena +02:00: ndi iti yoti musunge m'pulogalamu yanu?

Lachiwiri pa 1 Epulo 2025, ophunzira athu anafika 4 koloko madzulo monga mwa masiku onse, ena pa kabaza kuchokera ku Chinamwali, ena wapansi kuchokera ku Mpondabwino. Anapeza mphunzitsi akutsazika. Mphunzitsiyo amakhala ku London ndipo amaphunzitsa kudzera pa intaneti Lachiwiri lililonse 2 koloko masana nthawi ya kwawo. Tsiku limenelo anali atadikira ola lathunthu. Pulogalamu yotumiza uthenga wokumbutsa pa foni ndinalemba ndine, ndipo uthengawo unati 16:00. Amene amayang'anira maphunzirowo anandiimbira nthawi yomweyo: "Achimwene, kodi mwasintha chiyani m'kompyuta muja?" Sindinasinthe kalikonse, ndipo vuto linali lomwelo.

Pali njira ziwiri zouzira pulogalamu kuti nthawi imene mwalembayo ndi ya kuti. Yoyamba ndi nambala yokhazikika, yosonyeza maola amene malowo akusiyana ndi nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Kuno ku Malawi ndi `+02:00`, kutanthauza kuti tili patsogolo ndi maola awiri. Yachiwiri ndi dzina la chigawo lochokera m'nkhokwe ya tz, imene bungwe la IANA lakhala likusunga kuyambira mu 2011. Mayina ake ndi monga `Africa/Blantyre`, `Africa/Lusaka` ndi `Europe/London`. Musavutike kufunafuna `Africa/Zomba`, kulibe, ngakhale kuti kuno ku Zomba kunali likulu mpaka 1975. Nkhokweyi siyendera malikulu. Imasankha mzinda umodzi waukulu kuimira dera lonse limene mawotchi ake akhala akuyendera limodzi kuyambira 1970, kotero Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu onse ali pansi pa dzina limodzi.

Ife kuno timapusitsika mosavuta chifukwa wotchi yathu sisuntha. Mu Januwale tili pa `+02:00`, mu Julayi tili pomwepo. Mukayesa pulogalamu yanu ndi nthawi za kuno zokhazokha, dzina ndi nambala zimakupatsani yankho limodzi tsiku lililonse, ndipo mumayamba kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi cholembedwa mosiyana. Si choncho. Nambala imangonena mmene wotchi inalili pa mphindi imodzi. Dzina limanyamula malamulo onse a malowo: tsiku limene amakankhira wotchi patsogolo, tsiku limene amaibweza, ndi zonse zimene boma la kumeneko linasinthapo m'mbuyomu.

Zimene zinandichitikira ine zinayenda motere. Maphunzirowo ndinawalowetsa mu Januwale. Nthawi imeneyo London inali pa `+00:00`, ndiye ndinasunga 14:00 pamodzi ndi nambalayo. Kuwonjezerapo maola awiri, 16:00 ya kuno, ndipo kwa masabata onse mpaka Lachiwiri la pa 25 Malichi zinkayenda bwinobwino. Koma ku Mangalande amakankhira mawotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, limene mu 2025 linali pa 30. Kuyambira tsikulo London inakhala pa `+01:00`. Mphunzitsi sanalakwe, 2 koloko yake inali 2 koloko ndithu pa wotchi ya pakhoma pake. Koma 14:00 ya pa `+01:00` ndi 13:00 UTC, imene kuno ndi 15:00. Nambala yanga inalibe njira yodziwira zimenezi. Inakhala pomwe ndinaisiya.

Mukhoza kuziona nokha ndi Python, kuyambira 3.9 kupita m'tsogolo:

```python
from datetime import datetime, timedelta, timezone
from zoneinfo import ZoneInfo

kuno = ZoneInfo("Africa/Blantyre")
nambala = timezone(timedelta(hours=0))
dzina = ZoneInfo("Europe/London")

print(datetime(2025, 4, 1, 14, 0, tzinfo=nambala).astimezone(kuno))
# 2025-04-01 16:00:00+02:00
print(datetime(2025, 4, 1, 14, 0, tzinfo=dzina).astimezone(kuno))
# 2025-04-01 15:00:00+02:00
```

Sinthani tsikulo likhale 25 Malichi, mizere yonse iwiri ikupatsani 16:00. Apa ndi pamene pali poopsa: cholakwikacho sichioneka tsiku limene mwalemba pulogalamu, chimadikira miyezi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchidziwa. Ngati nthawi yaphonya ndi ola limodzi lenileni, osati mphindi zingapo, ndipo zayamba sabata yomaliza ya Malichi kapena ya Okutobala, musayambe ndi kukayikira netiweki kapena wotchi ya seva. Fufuzani pamene munasunga nambala m'malo mwa dzina. Ngati mnzanuyo ali ku Amerika, masiku ake ndi ena, Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi loyamba la Novembala.

Mnzanga wina atamva nkhaniyi anati ndikanangosintha zonse kukhala UTC n'kusunga zimenezo. Ndi langizo limene timapatsana kawirikawiri, ndipo pa zinthu zambiri ndi labwino, koma pano silikanandipulumutsa. UTC nayo ndi nambala yokhazikika, `+00:00`. Chimene tinagwirizana ndi mphunzitsi sichinali "14:00 UTC". Chinali "2 koloko masana ku London, Lachiwiri lililonse". Pangano limenelo lili ndi malo mkati mwake, ndiye choyenera kusunga ndi zinthu zitatu: tsiku la sabata, nthawi ya pa wotchi ya kumeneko, ndi `Europe/London`. Kuwerengera kuti kuno ikhala nthawi yanji kuzichitika pa sabata iliyonse payokha, pamene uthenga ukukonzedwa, osati kamodzi mu Januwale.

Tsono wina anganene kuti ntchito yake ndi ya kuno ndi mayiko oyandikana nawo basi, kumene mawotchi sasuntha. Ndikumva, koma maboma amasintha maganizo. Namibia inkasintha wotchi kawiri pa chaka mpaka inasiya mu 2017 n'kukhazikika pa `+02:00`. Sudan inachoka pa `+03:00` kubwera pa `+02:00` pa 1 Novembala 2017, ndipo South Sudan inachitanso chimodzimodzi pa 1 Febuluwale 2021. Amene analemba `+03:00` m'pulogalamu ya ku Juba anayenera kusakasaka paliponse pamene nambalayo inabisala. Amene analemba `Africa/Juba` anangofunika kulandira nkhokwe yatsopano. Kulemba `Africa/Blantyre` m'malo mwa `+02:00` sikukuwonongerani kanthu lero, ndiye sindiona chifukwa chosachitira.

Ndisapange ngati dzina lilibe zofooka zake, chifukwa lili nazo ziwiri zenizeni, ndipo pa ziwirizi nambala ndi imene imapambana.

Choyamba, dzina palokha silinena mphindi imodzi nthawi zonse. Pa 26 Okutobala 2025 London inabweza wotchi kuchoka pa 02:00 kubwerera pa 01:00. Usiku umenewo 01:30 inachitika kawiri. Yoyamba inali pa `+01:00`, kuno ili 02:30. Yachiwiri inali pa `+00:00`, kuno ili 03:30. Tiyerekeze kuti m'bale wathu kumeneko watumiza ndalama usiku umenewo, ndipo risiti yangolembedwa "01:30 Europe/London". Simungadziwe kuti ndi iti mwa ziwirizi. Koma `2025-10-26T01:30:00+01:00` ndi mphindi imodzi yokha padziko lonse, palibe mkangano. Mu Python kusiyanitsa ziwirizi kumafuna `fold=0` kapena `fold=1`, ndipo mukaiwala imangotenga yoyamba osakuchenjezani. Mu Malichi zimatembenuka: 01:30 ya pa 30 Malichi 2025 ku London kunalibe n'komwe, wotchi inalumpha kuchoka pa 01:00 kufika pa 02:00.

Chachiwiri, dzina limadalira nkhokwe imene ili m'makinamo. Nkhokweyi imatuluka mwatsopano malamulo akasintha kwinakwake, ndipo iliyonse imadziwika ndi chaka ndi chilembo, monga `2024a` ndi `2024b`. Seva imene yakhala zaka osalandira zatsopano, kapena foni yakale, idzawerenga dzina lomwelo ndi malamulo akale. Makina awiri akhoza kusiyana yankho pa dzina limodzi. Ndipo pa Windows, `zoneinfo` sipeza nkhokweyi yokha, imakana ndi `ZoneInfoNotFoundError` mpaka mutaika `pip install tzdata`. Nambala ilibe mavuto amenewa. Siifuna nkhokwe, ndipo zaka khumi zikubwerazi idzatanthauza zomwe ikutanthauza lero. Pa Linux mukafuna kuona zimene makina anu akudziwa, lembani izi, ndipo muona masiku enieni amene wotchi ikusuntha:

```
zdump -v -c 2025,2026 Europe/London
```

Ndiye ine ndimagawa motere. Chinthu chimene chachitika kale, monga malipiro, kulowa kwa munthu m'pulogalamu, kapena muyezo wa mvula umene kachipangizo katumiza, ndimachisunga ndi UTC kapena ndi nambala. Chachitika, boma lililonse silingachisunthe. Chinthu chimene anthu apangana kuti chidzachitike m'tsogolo pa wotchi ya malo ena ake, makamaka chobwerezabwereza, ndimachisunga ndi nthawi ya kumaloko pamodzi ndi dzina. Ndipo pamene ndikufuna kudziwa kuti munthu amakhala nthawi ya kuti, kuti ndimuonetse zinthu pa wotchi yake, ndi dzina basi. Nambala imene foni yake yanditumizira lero siindiuza za mwezi wamawa. Siindiuzanso kumene ali, pakuti `+02:00` mu Julayi akhoza kukhala wa kuno ku Zomba, wa ku Johannesburg, kapena wa ku Berlin amene mu Disembala adzakhala pa `+01:00`.

Pamene n'kotheka, sungani zonse ziwiri. Kalembedwe kake kalipo, Java yakhala ikukagwiritsa ntchito ndipo mu 2024 kanakhazikitsidwa mu RFC 9557: `2025-04-01T14:00:00+01:00[Europe/London]`. Nambala ikukhomera mphindiyo, dzina likusunga malamulo. Ubwino wina ndi wakuti malamulo akadzasintha, ziwirizi zidzasemphana, ndipo pulogalamu ikhoza kuzindikira n'kufunsa munthu m'malo mongopitiriza. Amene mumagwiritsa ntchito PostgreSQL kumbukirani kuti `timestamptz` siisunga dzina la chigawo ngakhale dzina lake likumveka choncho. Imasintha zonse kukhala UTC, ndiye dzinalo lipatseni malo akeake m'tebulo.

Pali msampha umodzi pakati pa njira ziwirizi umene ndaona ukugwira anthu ochenjera. M'nkhokwe ya tz muli mayina monga `Etc/GMT+2`, ndipo munthu wofuna nthawi ya ku Malawi amalitenga mokondwa. Limeneli ndi nambala yovala dzina, lilibe malamulo a dziko lililonse, ndipo chizindikiro chake n'chotembenuka potsatira kalembedwe kakale ka POSIX. `Etc/GMT+2` ndi maola awiri kumbuyo kwa UTC. Mukalisankha, nthawi zanu zonse ziphonya ndi maola anayi. Lofanana ndi nthawi ya kuno ndi `Etc/GMT-2`, koma ngakhale limenelo musalitenge pamene `Africa/Blantyre` ilipo.

Kukonza pulogalamu yanga kunanditengera madzulo amodzi. Ndinawonjezera malo a dzina la chigawo m'tebulo la maphunziro, n'kuchotsa nambala ija. Kenako ndinalemba mayeso awiri amene tsopano ndimaika m'pulogalamu iliyonse yokhudza nthawi ya kunja: limodzi la Lachiwiri lisanafike tsiku losintha wotchi, lina la Lachiwiri lotsatira. Uthenga wa pa 8 Epulo unati 15:00, ndipo wa pa 28 Okutobala unabwerera wokha pa 16:00.