Mtengo wa masheya onse ndi mtengo wa bizinesi yonse: tidalire nambala iti?

Amene mumatsatira Malawi Stock Exchange mumaidziwa ndime yolembedwa Market Cap pa lipoti la malonda. Anthu ambiri amaiwerenga ngati mtengo wa kampani. Kunena zoona ndi mtengo wa gawo la eni masheya lokha. Pali nambala ina yomwe pa lipotilo simuipeza, imene akadaulo amailemba kuti Enterprise Value, kutanthauza mtengo wa bizinesi yonse, ndipo imeneyo imawerengera ndi ngongole yomwe. Ndaziika pamodzi ziwirizi kuti tione pomwe iliyonse imathandiza ndi pomwe imasocheretsa.

Yoyambayo ndi yosavuta. Mumatenga mtengo wa sheya imodzi n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha masheya onse a kampaniyo. Pomwe Airtel Malawi inkalowa pamsika mu 2020, sheya imodzi inali K12.69 ndipo masheya onse anali 11 biliyoni. Kuchulukitsa kumapereka pafupifupi K139.6 biliyoni. Onani kuti omwe anagulitsidwa kwa anthu anali 20 pa 100 okha, koma powerengera timatenga onse, ndi omwe anatsala m'manja mwa mwini wamkulu. Apa mpomwe mumaoneranso kuti mtengo wa sheya paokha sunena kanthu za kukula kwa kampani: sheya ya K13 ikhoza kukhala ya kampani yaikulu kuposa ya sheya ya K500, ngati masheya ake ndi ochuluka.

Yachiwiri imayankha funso lina: munthu atafuna kutenga bizinesi yonse, ingamudyere ndalama zingati? Taganizani za minibasi yomwe mwini wake anaigula pangongole. Akuti mumupatse K8 miliyoni, koma kubanki kwatsala K12 miliyoni yomwe idzakhala yanu mukangosainirana. Minibasiyo mwaigula K20 miliyoni, ngakhale kuti m'thumba mwatuluka K8 miliyoni yokha. Ndi kampaninso, wogula masheya onse amasenza ngongole zake, komanso amapeza ndalama zomwe zili muakaunti yake. N'chifukwa chake mtengo wa bizinesi yonse umapezeka potenga mtengo wa masheya onse, kuonjezerapo ngongole zobala chiwongoladzanja, n'kuchotsapo ndalama zomwe kampani ili nazo kale.

Tiyeni tipeke makampani awiri, onse opanga zakumwa, kuti masamu aoneke bwino. Onse awiri masheya awo onse akukwana K50 biliyoni, ndipo onse amapanga K10 biliyoni pachaka asanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa makina. Pa lipoti la pamsika akuoneka ofanana ndendende.

Tsegulani malipoti awo apachaka. Yoyamba ili ndi ngongole ya K30 biliyoni ndipo kubanki yasunga K2 biliyoni yokha, ndiye bizinesi yonse ikubwera pa K78 biliyoni. Yachiwiri ngongole yake ndi K5 biliyoni koma yasunga K15 biliyoni, ndiye ikubwera pa K40 biliyoni. Mukagawa ndi K10 biliyoni ija, wogula yoyamba akulipira K7.80 pa kwacha iliyonse yomwe bizinesi imapanga pachaka, pomwe wogula yachiwiri akulipira K4. Malonda ofanana, koma ina yadula pafupifupi kawiri. Nambala ya pamsika ija sikanakuuzani zimenezi.

Pamene ngongole imaluma kwambiri kuno kwathu ndi pamene ili m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, dola n'kuchoka pa K1,180 kapena cha pomwepo kufika pa K1,700. Tinene kuti pa K30 biliyoni ya kampani yoyamba ija, K20 biliyoni inali ya m'madola. Kutacha m'mawa yasanduka K28.8 biliyoni, palibe ngakhale tambala yomwe akongola mwatsopano. Fakitale ndi yomweyo, makasitomala ndi omwewo, ndiye tiyerekeze kuti bizinesi ikadali ya K78 biliyoni. Obwereketsa ndalama amayamba ndiwo kutenga zawo, ndipo eni masheya atsala ndi K41.2 biliyoni mmalo mwa K50 biliyoni. Ataya pafupifupi 18 pa 100 osagulitsa kanthu. Koma pa lipoti la pamsika nambala ikhoza kukhalabe K50 biliyoni kwa masiku angapo, chifukwa mtengo umasintha pokhapokha wina akagula kapena kugulitsa.

Chimenecho ndicho chilema chachikulu cha mtengo wa masheya onse pamsika waung'ono ngati wathu. Masheya ambiri ali ndi eni akuluakulu ndi mathumba a penshoni omwe sagulitsagulitsa. Munthu mmodzi akagula masheya ochepa pamtengo wokwera, mtengo womwewo umachulukitsidwa ndi mabiliyoni a masheya omwe sanasunthe n'komwe, n'kumamveka kuti kampani yakula ndi mabiliyoni. Musanakhulupirire, yang'anani kuchuluka kwa masheya omwe agulitsidwa tsikulo. Ndipo popeza mtengo wa bizinesi yonse umayambira pa nambala yomweyi, chilemachi umatengera.

Mtengo wa bizinesi yonse nawo uli ndi zilema zake. Mtengo wa sheya ndi wa lero, koma ngongole ndi ndalama za kubanki mumazitenga mu lipoti lomwe limatuluka kawiri pachaka, mwina lakalamba kale ndi miyezi isanu. Kampani yodalira nyengo, monga ya shuga, ikhoza kuoneka yolemera ndi ndalama itangogulitsa katundu, n'kukhala pa ovadilafuti miyezi ingapo kutsogolo. Palinso nkhani yoti ngongole ndi iti. Ngongole za kubanki ndi ovadilafuti n'zosakayikitsa. Kuyambira 2019 malamulo owerengera chuma a IFRS 16 amaika lendi ya nthawi yaitali pa ndime ya Lease liabilities, ndipo kwa makampani a foni omwe amachita lendi nsanja nambalayi siyochepa, choncho ine ndimaiwerengera ngati ngongole. Zomwe kampani ikuyenera kulipira ogulitsa katundu nthawi zambiri siziwerengedwa, ngakhale kuti zikakhala za m'madola ndipo zaunjikana chifukwa chosowa ndalama zakunja, ndi bwino kuziyang'ana kawiri.

Pa mabanki, iwalani za mtengo wa bizinesi yonse. Ndalama zomwe inu ndi ine timasungitsa ku National Bank, Standard Bank, FDH kapena NBS ndi ngongole kwa bankiyo, koma ndizonso katundu wogwirira ntchito. Mukaziphatikiza mupeza nambala yaikulu yopanda tanthauzo. Kumeneko yerekezani mtengo wa masheya onse ndi phindu la pachaka kapena ndi chuma cha eni masheya cholembedwa m'mabuku. Makampani a inshulansi nawonso chimodzimodzi. Press Corporation imavuta kwambiri, chifukwa ili ndi gawo lopitirira pang'ono theka la National Bank ndipo mabuku ake amaphatikiza banki yonseyo. Woiwerengera ayenera kuonjezera gawo la eni ena lomwe limalembedwa Non-controlling interests, koma ine ndimaona kuti n'kwabwino kuwerengera kampani iliyonse ya m'gululo payokha kenaka n'kuphatikiza.

Ndiye mukafuna kudziwa kukula kwa kampani pamsika, kapena kuti masheya anu ndi gawo lanji, mtengo wa masheya onse ukukwanira. Mukamasankha pakati pa makampani awiri a ntchito imodzi omwe si mabanki, monga Airtel ndi TNM kapena Sunbird ndi Blantyre Hotels, tengani lipoti lawo laposachedwa, pezani ndime za Borrowings ndi Cash and cash equivalents, ndipo muone m'mafotokozedwe a kumapeto kuti pa ngongolezo za m'madola ndi zingati.