Patha miyezi 8 khadi langa lisakudulidwa ndalama za gemu

"Gemu ija ndinaifufuta m'foni koma ku banki akundidulabe mwezi ndi mwezi. Inu kwanuko zinathadi?" Akufunsa choncho ndi mayi a ku Luchenza.

Zinatha, mayi, uno ndi mwezi wa 8 osadulidwa ngakhale tambala. Koma mgwirizano wolipira sukhala mu gemumo, umakhala mu akaunti ya Google imene inaugula, n'chifukwa chake kufufuta sikuthandiza.

Kwathu kuno ku Chitakale zinkachitika pa 27 mwezi uliwonse, malipiro atangolowa. Meseji ya ku banki inkabwera m'bandakucha, dzina loyamba ndi GOOGLE*, ndalama yofanana ndi madola 4.99. Ndinatsegula Play Store, kudina kachithunzi ka pakona yakumanja pamwamba, kenako Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Munalibe kanthu. Ndinafika pokayikira banki, mpaka kukaima pamzere ku boma tsiku lamvula, chikhalirecho wolakwa ndimadya naye nsima m'mbale imodzi.

Mnyamata wanga wa Sitandade 7 anali atawonjezera akaunti yake m'foni yomweyo, n'kulembamo manambala a khadi langa. Mukadina kachithunzi kaja, pambali pa dzina lanu pali kamuvi koloza pansi kamene kamaonetsa maakaunti onse. Nditasankha yake, gemu ija inali poyera, ndi tsiku lodzadula lotsatira. Ndinadina Cancel subscription n'kutsimikiza. Musadabwe gemu ikapitiriza kupereka zinthu zake zolipira, zimenezo zimatha masiku amene munalipira kale akakwana. Chizindikiro choti zatheka ndi imelo yotsimikiza, ndipo imapita ku akaunti ya mwanayo, osati yanu.

Khadi ndinalichotsanso mu akaunti yake kudzera pa Payment methods. Ndalama zakale sizinabwerere, chifukwa mwayi wopempha kubwezeredwa umakhala waukulu m'maola 48 oyamba, pomwe ine ndinadzuka patatha miyezi 3.

Chimene ndaphunzira mochedwa ndi cha Purchase verification. Ndinaika pa Always kuti pogula chilichonse izifunsa pasiwedi, ndipo yagwira bwino ntchito. Koma imatchinga kugula kwatsopano kokha, mgwirizano umene unayamba kale umangopitirira kudula osafunsa munthu. Vuto lina ndi chala. Mwezi wa 5 ndinapeza kuti mlongo wa mnyamata wanga uja analembetsa chala chake chotsegulira foni, ndipo chala chilichonse cholembetsedwa m'fonimo chimatha kuvomereza kugula ngati njira ya chala ili yoyatsa. Sanagule kanthu, mwamwayi. Ndinachifufuta madzulo omwewo, n'kusinthanso manambala otsegulira foni.

Ndiye yambani ndi kamuvi kaja, mayi. Mukapeza kuti m'foni mwanu muli akaunti imodzi yokha, mufunseni mwana wanu mwachifatse kuti khadi analilemba m'foni ya ndani. Kulowa mu akaunti imeneyo pa play.google.com kumakwanira kuletsa, ngakhale foniyo ili kwa mnzake ku Thyolo.